Malita 21 aja anapita kuti?

Lachisanu lililonse madzulo, anzanga atayamba kale kulongedza zikwama, patebulo langa pankatera timabuku tisanu tonunkha dizilo, tam'mbali topindikapindika. Anali mabuku a maulendo a magalimoto asanu a bungwe lina laling'ono limene ndinkagwirako ntchito ku Lilongwe, amene madalaivala amawatchula kuti logibuku. M'kati mwa buku lililonse munkakhala malisiti a mafuta, ena ofufutika, ena opindidwa kanayi. Kwa nthawi yaitali ntchito yanga inali kungowonkhetsa ndalama za pamalisitiwo n'kupereka kwa akauntanti. Ndalamazo zikakwera, abwana ankadandaula kuti madalaivala akumwa mafuta. Zikatsika, aliyense ankangoti zii. Koma kunena zoona, panalibe ndi mmodzi yemwe pakati pathu amene akanatha kuloza galimoto imodzi n'kunena kuti iyi sabata ino yamwa mopitirira muyezo, ndipo yapitirira ndi malita akutiakuti.

Vuto linali pa zimene tinkawerenga. Ndalama si muyezo wa mafuta, chifukwa mtengo umasintha. Mu Novembala 2023, kwacha itangochepetsedwa mphamvu, bungwe la MERA linakweza mtengo wa dizilo kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita. Ndalama yokwana K100,000 imene dzulo lake inkagula malita 52, m'mawa mwake inayamba kugula malita osakwana 37. Munthu wowerenga makwacha akanati magalimoto onse alusa tsiku limodzi, chonsecho injini zinali zomwe zija. Choncho chinthu choyamba n'kusiya ndalama pambali n'kuwerenga malita. Koma malita paokha sanenanso kanthu. Galimoto imene yamwa malita 90 itapita ku Mzuzu n'kubwerako, n'kuzunguliranso m'tauni, ilibe mlandu. Imene yamwa malita 40 ikungoyenda pakati pa Area 3 ndi City Centre ndiyo yofunika kuifunsa. Nambala yothandiza ndi imodzi basi: makilomita amene galimoto yayenda pa lita imodzi.

Masamu ake ndi a ku pulayimale. Mumatenga makilomita onse amene galimoto yayenda m'sabata, n'kugawa ndi malita amene yamwa. Makilomita 700 pa malita 70, yankho ndi 10. Povuta si pogawa ayi. Povuta ndi pa mawu akuti "yamwa", chifukwa mafuta amene mwagula m'sabata si amene galimoto yatentha m'sabatayo. Ngati Lolemba thanki inali yodzadza, galimoto n'kuyenda sabata yonse osaima pa filing'i siteshoni, malisiti adzakuuzani kuti yayenda ndi mpweya. Sabata yotsatira, dalaivala akadzadzitsa thanki yopanda kanthu ija, malisiti omwewo adzamusandutsa mbava. Ndinawonapo munthu akukalipiridwa pa chifukwa chimenechi, ndipo ine ndinali m'gulu la ogwedeza mutu kuvomereza.

Mankhwala ake ndi kuyamba sabata ndi thanki yodzadza n'kuimalizanso ndi thanki yodzadza. Ife tinasankha Lachisanu madzulo. Galimoto iliyonse isanakaimikidwe, inkadutsa pomwetsera mafuta, kudzadza mpaka pampu itadula yokha koyamba, osagwedeza galimoto kuti mulowe ena owonjezera, ndipo dalaivala ankalemba mayileji a padashibodi kuseri kwa lisiti. Mukatero, lita iliyonse imene yalowa m'thanki kuchokera Lachisanu latha kufika Lachisanu lino, kuphatikizapo odzadzira omalizawo, ikubwezeretsa lita imene yatuluka. Malita odzadzira a Lachisanu latha samawerengedwa m'sabata ino. Iwo anatseka sabata yapita. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, amaika malisiti onse awiri, galimoto n'kuoneka ngati chidakwa. Geji ya mafuta musaidalire pa masamu amenewa. Kamuvi kakaloza pakati sikutanthauza kuti mwatsala theka lenileni, ndipo pa thanki ya malita 80 kuphonya kwa diso kungabise malita 10 osadziwika.

Tiyeni titsegule limodzi la mabuku aja. Galimoto yake ndi Toyota Hilux ya dizilo, thanki ya malita 80. Lachisanu la sabata yatha inadzadzidwa mayileji ali pa 84,210, ndipo inagona pa ofesi Loweruka ndi Lamulungu. Lolemba inapita ku Salima n'kubwerako, makilomita 210. Lachiwiri inazungulira m'tauni, 45. Lachitatu ku Dedza n'kubwerako, 175. Lachinayi ku Mchinji n'kubwerako, 230. Lachisanu m'tauni kachiwiri, 40, n'kutsekera pa 84,910.

Musanakhudze malisiti, pali mayeso ena ofunika kuyamba nawo. Wonkhetsani maulendo olembedwa m'buku: 210, 45, 175, 230 ndi 40 akupanga 700. Kenaka chotsani mayileji oyambira pa otsekera: 84,910 kuchotsa 84,210, yankho ndi 700. Manambala awiriwa akugwirizana, ndiye kuti buku likunena za kilomita iliyonse imene matayala agudubuza. Akanasiyana, tinene kuti dashibodi ikuti 760 pamene buku likuti 700, bwenzi pali makilomita 60 opanda mwini. Powapeza mumatsata ndi chala mzere ndi mzere: nambala yotsekera ulendo wina iyenera kukhala yomweyo yotsegulira ulendo wotsatira. Pamene padumpha ndi pamene galimoto inakatenga matumba a makala kapena kuchita matola usiku. Ulendo wotere sungaoneke pa masamu a makilomita pa lita, chifukwa galimoto inayendadi ndipo inamwa molingana ndi ulendo wake. Umaoneka pa mpata wa m'buku mokha. Ndipo nambala yotsekera sabata muzikaiwerenga nokha padashibodi, ndi maso anu. Mphindi ziwiri zokha, koma popanda zimenezi mukuwerengera nkhani imene wina wakulemberani.

Tsopano malisiti. Alipo awiri: Lachitatu m'mawa malita 46, Lachisanu madzulo malita 45. Onse pamodzi 91. Makilomita 700 kugawa ndi 91, yankho ndi 7.7.

Kodi 7.7 ndi zabwino kapena zoipa? Funso limeneli silingayankhidwe ndi kabuku ka ku fakitale, chifukwa manambala a mmenemo anayesedwa pa galimoto yatsopano, yopanda katundu, osati yodzadza matumba pa msewu wa maenje. Silingayankhidwenso poyerekeza ndi galimoto ina. Land Cruiser ya injini yaikulu imamwa kwambiri kuposa Hilux mwachibadwa, ndipo ngakhale ma Hilux awiri ogulidwa tsiku limodzi amasiyana akakula. Galimoto iliyonse imayesedwa ndi mbiri yake yomwe. Mumalemba manambala ake a masabata asanu ndi awiri kapena kuposerapo, kuwandandalika kuyambira laling'ono kufika lalikulu, n'kutenga la pakati. Ya Hilux yathu inali 9.4, 9.7, 9.9, 10.0, 10.1, 10.3 ndi 10.6, la pakati n'kukhala 10.0. Ndimakonda la pakati kusiyana ndi kuphatikiza onse n'kugawa, chifukwa sabata imodzi yoipa kwambiri sililikokera pansi.

Ndiye pa makilomita 700, galimoto yoyenda makilomita 10 pa lita imayenera kumwa malita 70. Yamwa 91. Malita 21 alibe malongosoledwe. Mukapita kwa abwana, musawauze za 7.7, sadzamva kuwawa kwake. Auzeni kuti malita 21, chigubu chathunthu ndi kakusefukira.

Apa m'pamene mtima umathamanga, ndipo apa m'pamene munthu ayenera kukhala pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poti Lachitatu nalonso thanki inadzadzidwa, sabata ija ingathe kudulidwa pawiri. Chigawo chachiwiri, kuchokera Lachitatu m'mawa kufika Lachisanu madzulo, galimoto inayenda makilomita 445 n'kumwa malita 45. Amenewo ndi makilomita 9.9 pa lita, ndendende khalidwe lake la masiku onse. Injini yodwala sichira yokha Lachitatu m'mawa, choncho makaniko alibe nawo mbali mlanduwu. Chigawo choyamba, Lolemba ndi Lachiwiri, galimoto inayenda makilomita 255 okha. Pa muyezo wake inayenera kutentha malita 25 kapena 26, ndipo m'thanki munayenera kukhala malo a malita omwewo basi. Nanga malita 46 analowa bwanji m'malo a malita 26?

Mayankho otheka ndi ochepa, ndipo lililonse lili ndi potulukira pake. Mwina Lachisanu lapitalo thanki sinadzadze kwenikweni. Mukatero nambala ya sabata yapitayo ioneka yokongola mopitirira, ndiye mumabwerera tsamba limodzi kukaona. Yathu inali 10.1, yabwinobwino. Mwina wina anapopa mafuta ndi paipi galimoto itagona, ndipo apa diso limapita kwa amene amasunga makiyi ndi amene amalondera usiku, osati kwa dalaivala yekha. Mwina lisiti linalembedwa malita ambiri kuposa amene anatuluka pa pampu, anthu awiri n'kugawana chenji. Kapena malita 46 anatulukadi pa pampu, koma si onse analowa m'thanki.

Lolemba m'mawa ndinawapeza a dalaivala, bambo achikulire amene anayamba kuyendetsa ine ndisanabadwe, akupukuta galasi.

"Bambo, pepani, ndithandizeni pang'ono. Lachitatu lija munamwetsa malita 46, koma galimoto inali itangoyenda ku Salima ndi m'tauni muno. Anakwana bwanji m'thanki?"

Anandiyang'ana, n'kuseka pang'ono. "Iii, achimwene, m'thanki munalowa 26. Enawo ndi a m'chigubu cha jenereta. Magetsi atazima Lachiwiri, bwana anati potenga dizilo mawa mudzadzitsenso chigubu. Lisiti anandipatsa limodzi."

Ndinakafunsa kwa abwana, ndipo anavomera kuti anatumadi, kungoti anaiwala kundiuza. Tikachotsa malita 20 a jenereta, atsala 71 pa makilomita 700, yankho 9.9. Kuyambira tsiku limenelo tinaika lamulo loti mafuta alionse osalowa m'thanki ya galimoto azikhala ndi lisiti lawolawo. Ndikanalowa mu ofesi ya abwana ndi 7.7 wanga osafunsa kaye, bambo aja akanachoka ndi dzina loipa chifukwa cha jenereta. Komabe masamu sananame. Malita 20 sanapite m'injini, ndipo buku linaloza tsiku lenileni limene zinachitikira.

Si kusintha kulikonse kumene kuyenera kukudzidzimutsani. Mwaona kale kuti Hilux yathanzi inkavina pakati pa 9.4 ndi 10.6 popanda cholakwika. Ine malire anga ndimaika chonchi: nambala ikatsika ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a muyezo wake, kunena kuti pansi pa 9, ndimaika chizindikiro n'kuwerenga bwinobwino maulendo a sabatayo, ikafika cha m'ma 8.5, ndimadzuka pampando. Amenewa si malamulo a m'buku lililonse, ndi mmene ndinaonera kuti zimandithandiza. Powerenga maulendowo mumafunsa kuti galimoto inapita kuti, inanyamula chiyani, nyengo yake inali yotani. Msewu wafumbi wa kumudzi m'mwezi wa Januwale, matope ali thoo, galimoto ikukoka ndi matayala onse anayi pa giya yaing'ono, sungafanane ndi tala wa M1. Yokwera chitunda cha Chikwawa kupita ku Blantyre itasenza matumba a simenti, kapena mapiri a Chiweta, imamwa ndithu. Ndiye pali mafuta otenthedwa galimoto itaima: dalaivala akudikira abwana amene ali pa msonkhano, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, injini ikulira kuti mkati muzizizira. Mayileji sasuntha, koma thanki ikutsika. N'chifukwa chake buku labwino limakhala ndi kadanga kolembamo mtundu wa msewu ndi katundu. Mawu awiri okha, "fumbi, yodzadza", amapulumutsa mkangano wa ola lathunthu.

Sabata ya maulendo ochepa nayo imanamiza. Galimoto ikayenda makilomita 60 okha, imayenera kumwa malita 6. Womwetsa mafuta akangopitiriza kuthira pampu itadula kale, n'kuwonjezera malita 2, nambala imagwa kufika pa 7.5, pamene malita 2 omwewo pa makilomita 700 sangaoneke n'komwe. Sabata yotere ndimaiphatikiza ndi yotsatira mpaka makilomita akwane 300 kapena kuposa. Njira yomweyi ndiyo imathandiza mafuta akasowa. Amene anagona pa mizere mu 2011 ndi 2012, komanso kuyambira 2022, akudziwa kuti nthawi zina umafika pa pampu n'kuuzidwa kuti aliyense malita akutiakuti basi. Fulu thanki ya Lachisanu imakhala loto. Zikatero musapeke nambala. Lembani lita iliyonse ndi mayileji ake, dikirani tsiku limene thanki idzadzadzenso, ndipo muwerengere kuchokera pa kudzadza kwapita kufika pa kumeneko, kaya padutsa masiku 10 kaya 20.

Chenjezo lina laling'ono kwa amene magalimoto awo anachokera ku Britain: ambiri amawerenga mamailosi, osati makilomita. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.6 ndi kakusefukira pang'ono. Mukaiwala kuchulukitsa, galimoto yosalakwa idzaoneka ngati yoboola thanki sabata iliyonse.

Amene ali ndi kompyuta angaike zonsezi mu Excel, mzere umodzi pa galimoto iliyonse sabata iliyonse. Ngati mayileji oyambira ali mu B, otsekera mu C, ndipo malita onse ali mu D, makilomita pa lita amatuluka chonchi:

```
=(C2-B2)/D2
```

Koma kope la masamu la mwana wa sukulu ndi kakyuleta ya pafoni zimagwira ntchito yomweyo. Mwini minibasi ziwiri kapena lole imodzi safunikira zoposa pamenepo.

Chigubu chosowa kamodzi, ngati chija cha jenereta, n'chosavuta kuchigwira chifukwa chimakuwa. Chimene chinandivuta kwambiri ndi galimoto ina mwa zisanu zija, Hilux inzake, imene muyezo wake unali 9.8. Sabata ina inapereka 9.3. Yotsatira 9.2, kenaka 9.1, kenaka 9.2. Palibe sabata ndi imodzi yomwe imene inadutsa malire anga, ndipo ndikanangoyang'ana sabata imodziimodzi ndikanaitulutsa yopanda mlandu kanayi konse. Koma galimoto yathanzi imakwera n'kutsika mozungulira muyezo wake. Ikakhala pansi pa muyezowo masabata anayi otsatizana, maulendo ali omwe aja, chilipo chasintha. Pa makilomita 700, kusiyana kwa 9.8 ndi 9.2 ndi malita pafupifupi 5 pa sabata. Pang'onopang'ono ndi mtolo: pa chaka ndi malita oposa 200, mgolo wathunthu. Choopsa china n'chakuti mukazengereza, manambala otsikawo amalowa m'mbiri ya galimotoyo n'kusanduka muyezo watsopano, ndipo simudzaonanso kanthu. Muyezo uyenera kutengedwa nthawi imene mukutsimikiza kuti zinthu zili bwino, makamaka galimoto itangochoka ku sevisi, ndipo ngati n'kotheka inuyo mutakwera nawo ulendo umodzi wautali, kudzadza ponyamuka ndi pofika muli pompo.

Kutsika kwa pang'onopang'ono kotere kumachokera kuwiri, kwa galimoto kapena kwa munthu. Kumbali ya galimoto ndimayamba ndi zotchipa: mpweya wa m'matayala, fyuluta ya mpweya imene fumbi la chilimwe limaitseka msanga, mabuleki ogwira amene mumawadziwa pokhudza limu n'kupeza likutentha galimoto itangoyenda pang'ono, madontho a dizilo pansi pamene yagona. Utsi wakuda ukamatuluka pokwera mtunda, mainjekitala akufunika kuonedwa. Kumbali ya munthu si kuba kokha. Phazi lolemera, kuthamanga kwambiri pa tala, kuchedwa kusintha magiya, zonsezi zimadya mafuta popanda aliyense kutenga dontho.

Njira yolekanitsira ziwirizi ndi yosafuna mkangano. Sinthanitsani madalaivala kwa masabata awiri kapena atatu, osalengeza chifukwa. Nambala yoipa ikatsalira pa galimoto, itengereni ku galaja. Ikatsatira munthu kupita naye ku galimoto inayo, khalani naye pansi. Ife titasinthanitsa, Hilux ija inapitiriza kupereka 9.2 m'manja mwa bambo achikulire aja, ndipo makaniko anapeza buleki ya kumbuyo ikugwira.

Pali nambala imodzi imene ndimaiopa kuposa yotsika, ndiyo yosasuntha. Buku likamapereka 10.0 sabata ino, 10.0 yamawa, 10.0 dzinja ndi chilimwe, ku Dedza ndi m'tauni chimodzimodzi, ndiye kuti wina akudziwa nambala imene mumafuna kuona, ndipo akuyamba ndi malita n'kupeka makilomita oti agwirizane nawo. Buku lotere musalitsutse ndi mawu. Tengani cholembera, pitani pamene galimoto yaimikidwa, tsegulani chitseko, muwerenge dashibodi.